Kasitomala Akakuyamikirani: Mmene Mungaponyere Mawu Ake Popanda Kukokomeza

Lolemba lina m'mawa ndikusesa tizidutswa ta nsalu m'shopu yanga ya utelala, pafupi ndi msika wa Msungwi ku Area 25, foni inalira. Unali uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kuchokera kwa mayi wina amene ndinamusokera madiresi 6 a chinkhoswe, ake ndi a abale ake. Mawu ake anali awa:

"Mayi, mwadzuka bwanji? Ine ndangoti ndithokoze. Madiresi aja asanu anakwana bwinobwino, koma la mng'ono wanga lija linathina pang'ono pachifuwa, mwamwayi munalikonza tsiku lomwelo. Kunena zoona ndinali ndi mantha kuti simumaliza m'masabata awiri aja, koma munakwanitsa. Kuchinkhoswe anthu angapo ankandifunsa kuti wasoka ndani. Za ukwati ndibweranso konko."

Aliyense wochita geni amadziwa mmene mtima umadumphira ukamva zotere. Chala chimathamangira ku Status tsache lisanafike pansi, ndipo m'mutu mawu amakhala atakonzeka kale: madiresi onse anakwana, telala wachangu, chinkhoswe chonse chinagwedezeka. Mukaonetsetsa, mayi uja sananene chilichonse mwa zitatuzi. Nkhaniyi ikulongosola njira imene ndimatsata kuti mawu a kasitomala afike kwa anthu ali mmene anawanenera mwini wake, ndipo tiyenda ndi uthenga womwewu mpaka kumapeto.

Choyamba: sungani uthengawo, kenako muulembe liwu ndi liwu

Musanaganize n'komwe za kuponya, onetsetsani kuti uthengawo sukusowani. Udinikizeni ndi chala kwa kanthawi n'kukhudza kanyenyezi kaja kuti mudzaupeze mosavuta. Dziwani kuti makasitomala ena amatchera WhatsApp yawo kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, choncho uthenga wa mawu utumizeninso ku nambala yanu yomwe, ndipo wolembedwa muujambule sikirinishoti.

Mukatero tengani kope ndi cholembera, mumvetsere kawiri kapena katatu, mulembe zonse monga zanenedwera, ngakhale ka "eee" ndi ka "kunena zoona". Ntchitoyi imaoneka yotaya nthawi, koma mutu wa munthu umasunga zokoma n'kutaya zotsalazo. Ine nditangomva uthenga uja koyamba, chimene ndinakumbukira chinali chakuti "anthu ankafunsa kuti wasoka ndani". Liwu loti "angapo" ndinalipeza nditalemba papepala.

Chachiwiri: yerekezani ndi buku lanu la maoda

Kasitomala wokondwa nayenso amakokomeza, osati mwadala, koma chifukwa cha chimwemwe. Akanena pafoni kwa inu nokha palibe vuto. Koma inu mukawatenga mawuwo n'kuwaika pamaso pa anthu kuti akope malonda, asanduka lonjezo lanu. Simungadzabisale kumbuyo kwa mawu oti "ananena ndi kasitomala, si ine".

Choncho chilichonse chowerengeka chimene wanena, monga masiku, mtengo, kapena kuchuluka kwa zinthu, chiyang'aneni m'buku. Langa linaonetsa kuti mayi uja anabweretsa zitenje Lachinayi, tinayeza onse tsiku lomwelo, ndipo anadzatenga Lachinayi lina patatha masiku 14. Masabata awiri enieni. Akanati "munamaliza m'sabata imodzi", chiganizo chimenecho ndikanachisiya ngakhale chikukoma chotani, chifukwa buku likanatsutsa.

Phunziroli ndinalilipira. Zaka zingapo zapitazo mtsikana wina anandilembera kuti, "Mwandisokera siketi tsiku limodzi lokha, ndinu akatswiri." Zinali zoona. Koma unali mwezi wa Febuluwale, ntchito kunalibe, magetsi anayaka tsiku lonse, ndipo siketiyo inali yopanda layiningi. Ndinaponya mawuwo ndi mutu waukulu pamwamba woti timasoka tsiku limodzi. Mu Disembala, shopu itadzaza ndi za maukwati ndi za Khirisimasi, kunabwera mayi wina ndi zitenje za madiresi 8, n'kundionetsa positi yanga yomweyo pafoni yake. "Si inu munalemba izi?" Ndinasowa poyambira, ndipo anachoka akulankhula mpaka pa siteji ya minibasi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Chachitatu: dulani, koma musasinthe muyeso

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tichedwepo. Uthenga wa kasitomala nthawi zambiri umakhala wautali, uli ndi moni, za ana, za mvula, za ndalama yotsala. Kufupikitsa n'kololedwa. Lamulo langa ndi lofanana ndi la nsalu ya kasitomala: ndikhoza kudulako, koma sindilumikizako chidutswa chochokera m'thumba langa. Liwu limene iye sananene sililowa pakati pa zizindikiro zogwira mawu zija, ngakhale ndikudziwa kuti akanavomereza.

Vuto n'lakuti sizasi nayo imanama. Munthu akhoza kusawonjezera liwu ngakhale limodzi koma n'kutulutsa bodza pongodula. Taonani chiganizo choyamba chija: "Madiresi aja asanu anakwana bwinobwino, koma la mng'ono wanga lija linathina pang'ono pachifuwa." Ndikachotsa "asanu" n'kudula pa "koma", chitsala ndi "Madiresi aja anakwana bwinobwino." Mawu onsewo ndi ake ndithu, koma wowerenga amva kuti onse 6 anakwana ulendo woyamba, zomwe sizinachitike. Mng'ono wake uja, amene anabwera masana dzuwa likuswa mtengo kudzayezanso, akaona positi imeneyo adziwa kuti ndanama, ndipo auza anzake.

Pali timawu tating'onoting'ono timene timagwira muyeso wa chiganizo, monga mmene zipi imagwirira diresi: asanu, angapo, pang'ono, ena, ulendo uno, kwa ine, koma. Mukamadula, timawu timeneti ndi timene dzanja limafuna kuchotsa poyamba chifukwa timaoneka ngati tikuchepetsa ulemerero. Tisiyeni pomwepo. "Anthu angapo ankandifunsa" si chimodzimodzi ndi "anthu ankandifunsa", ndipo n'kutali kwambiri ndi "aliyense ankafunsa". Kasitomala akati "kwa ine mtengo wake ndi wabwino", mukachotsa "kwa ine" mwasandutsa maganizo a munthu mmodzi kukhala chigamulo cha mzinda wonse.

Chachiwiri choyenera kuchenjera nacho ndi nthawi ya mneni. Mayi uja anati "munalikonza tsiku lomwelo" ndi "munakwanitsa". Akunena za chinthu chimodzi chimene chinachitika n'kutha. Mukazitembenuza kukhala "amakonza tsiku lomwelo" kapena "amakwanitsa pa nthawi yake", ka "ma" kameneko kasandutsa tsiku limodzi kukhala khalidwe la masiku onse. Ndi kachilembo kawiri kokha, koma ndi komwe kanandigwetsa pa nkhani ya siketi ija.

Chachitatu ndi kumasulira. Kuno ku Lilongwe ambiri timaponya m'Chingelezi pofuna makasitomala a ku Area 10, Area 43 ndi a m'maofesi a ku City Centre. Kasitomala wanena kuti "mwasoka bwino", ife pomasulira timasankha liwu la Chingelezi lotanthauza kuti palibenso wina woposa. "Bwino" ndi "bwino" basi. Njira yosavuta ndiyo kusiya mawuwo m'chinenero chimene anayankhulira. Ngati n'kofunika kumasulira, ikani zonse ziwiri, ake pamwamba ndi omasulira pansi, kuti wodziwa zinenero zonse aone yekha.

Nanga kadandaulo kaja, ka diresi lothina? Pali njira ziwiri zoona. Mukhoza kusiya chiganizo chonse cha kukwana kwa madiresi n'kungotenga cha masabata awiri, chifukwa chimenecho chimaima pachokha osanamiza munthu. Kapena mutenge chiganizo chonsecho ndi "koma" wake. Chosaloledwa ndi kutenga theka lokoma la chiganizo n'kutaya theka linalo. Ine ndimakonda njira yachiwiri. Mzimayi aliyense amene anasoketsapo amadziwa kuti pa madiresi 6 limodzi likhoza kuvuta, ndipo chimene amafuna kumva n'chakuti telala amatani zikatero: amakonza, kapena amasiya kuyankha foni? Umboni wosalala paliponse ngati galasi anthu amauyesa wolemba wekha.

Nditadula moni ndi mawu omaliza, zinatsala izi:

"Madiresi aja asanu anakwana bwinobwino, koma la mng'ono wanga lija linathina pang'ono pachifuwa, mwamwayi munalikonza tsiku lomwelo. Ndinali ndi mantha kuti simumaliza m'masabata awiri aja, koma munakwanitsa."

Za anthu ofunsa kuchinkhoswe ndinazisiya, ngakhale zinali zondikomera kwambiri. Sizinali zabodza, koma munthu wofuna telala sizimuuza kanthu kogwirika poyerekeza ndi masiku ndi kukonza. "Za ukwati ndibweranso konko" ndinachotsanso, chifukwa ndi malingaliro ake a m'tsogolo amene akhoza kusintha, ndipo sindifuna kumumanga nawo pagulu.

Chachinayi: pemphani chilolezo, mutamuonetsa mawu enieniwo

Kukuthokozani pafoni si kukulolani kuti mumuike pa Facebook. Komanso kufunsa kuti "ndingakuponyeni?" n'kosakwanira, chifukwa munthu amangoti "eya" mwaulemu asakudziwa chimene wavomera. Mutumizireni mawu amene mwadulawo monga mmene adzaonekere, ndipo mumuuze kumene mudzaponye. Ine ndinalemba motere:

"Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha mawu anu, andilimbikitsa. Ndimafuna ndipemphe ngati mungandilole kuika mawu ali m'munsiwa pa Status yanga ya WhatsApp ndi pa Facebook. Muwawerenge, ngati pali posintha kapena pochotsa mundiuze. Mundiuzenso ngati nditchule dzina lanu loyamba kapena ndingoti kasitomala wa ku Area 49. Ngati simukufuna musadandaule, palibe chovuta, ubale wathu ukhala chimodzimodzi."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Kwathu kuno kukana pamaso n'kovuta, makamaka kwa munthu amene mwina akadali ndi ngongole yanu kapena mumapemphera naye mpingo umodzi. Mupatseni khomo lotulukira. Akangokhala chete osayankha, kumeneko n'kukana, musamukumbutse kawiri katatu.

Yankho la mayi uja linandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiganizire. Anati, "Ponyani Mayi, koma za mng'ono wangazo chotsani, angandikwiyire kuti ndamuyalutsa za pachifuwa. Mungoti limodzi linathina pang'ono. Dzina langa musatchule." Zoonadi, aliyense amene anali kuchinkhosweko akanamudziwa mtsikanayo. Kusintha kumeneku ndinakulandira chifukwa kunachokera kwa mwini mawu, ndipo sikunasinthe muyeso: asanu anakwana, limodzi linathina. Akanati, "Ingolembani kuti onse anakwana, palibe vuto," ndikanakana mwaulemu, chifukwa chilolezo cha kasitomala sichisandutsa bodza kukhala choona.

Chithunzi chimafuna chilolezo chakechake. Kasitomala akakutumizirani chithunzi cha gulu lonse, iye angavomere za nkhope yake yokha, osati za apongozi ake, anzake a kuntchito kapena ana a eni. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu payekha, Data Protection Act ya 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, ndipo dzina, nambala ya foni ndi nkhope ya munthu zili m'gulu limenelo. Chimene ndimachita ine ndi kujambula zovalazo zili pa hang'ala kapena pa chidole m'shopu zisanatengedwe. Koma chikhale chithunzi cha ntchito yomwe ikuyamikiridwayo. Kuika mawu a kasitomala pansi pa diresi lotapa pa intaneti, kapena pansi pa ntchito ina yokongola kuposa imene iye analandira, ndi kukokomeza komweko, kungoti kwadzera m'maso.

Chachisanu: mawu anu apamwamba ndi apansi

Ambiri amasamala pa mawu a kasitomala, n'kudzawononga pa mutu umene amaika okha: "Telala nambala wani mu Lilongwe!" kapena "Makasitomala athu onse amakhutira!" Mwafunsa matelala angati a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi a m'makhonde a m'tauni kuti mudziwe zoti ndinu woyamba? Munthu mmodzi wayamikira, lembani za munthu mmodziyo.

Mawu anu akhale osiyana bwino ndi ake, kuti wowerenga adziwe pamene kasitomala walekezera ndi pamene inu mwayambira. Ntchito ya mawu anuwo ndi kufotokoza zimene kasitomala sanatchule koma wowerenga akuyenera kudziwa: inali ntchito yanji, yochuluka bwanji, inachitika liti, ndipo zinatheka chifukwa chiyani. Positi yanga inatuluka chonchi:

"Madiresi aja asanu anakwana bwinobwino, koma limodzi linathina pang'ono, mwamwayi munalikonza tsiku lomwelo. Ndinali ndi mantha kuti simumaliza m'masabata awiri aja, koma munakwanitsa." Anatero kasitomala wathu wa ku Area 49, amene tinamusokera madiresi 6 a chitenje a chinkhoswe mu Ogasiti. Onse anabwera kudzayezedwa tsiku limodzi. Nyengo ya maukwati ikafika pachimake timatenga nthawi yoposerapo, choncho funsani kaye musanakonze tsiku.

Nthawi imene ntchitoyo inachitika muziitchula nthawi zonse, makamaka ngati kasitomala watchula za mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa layiningi, zipi ndi ulusi unasintha m'masabata ochepa, ndipo umboni wonena za mtengo umene unalembedwa izi zisanachitike unasanduka msampha kwa amene ankauponyabe ngati wadzulo.

Ngati pali chimene munamupatsa kasitomalayo, nenani. Mwina munamuchotsera mtengo kuti alembe, mwina munamusokera ulere, mwina ndi mlamu wanu. Wowerenga amayeza mawu a mlamu mosiyana ndi a mlendo amene analipira ndalama zonse pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ali ndi ufulu wodziwa. Kachiganizo kamodzi n'kokwanira: "Tinamuchotsera mtengo pa oda imeneyi." Ine ndinasiya kulonjeza mphatso posinthana ndi mawu okoma, chifukwa mawu ogula amamveka kuti ndi ogula. Kumbukiraninso kuti kutsatsa malonda mosocheretsa ogula n'koletsedwa m'malamulo athu, monga Consumer Protection Act ya 2003 ndi lamulo la mpikisano pa malonda, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, lomwe likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno, limalandira madandaulo otere kuchokera kwa ogula. Anthu amaganiza kuti zimenezi n'za makampani akuluakulu okha, koma wogula amene wakhumudwa safunsa kukula kwa shopu.

Ndipatukeko pang'ono chifukwa cha anzanga ogulitsa sopo, mafuta odzola, tiyi wa zitsamba ndi ufa wa phala. Kasitomala akakulemberani kuti "zandichiritsa shuga" kapena "BP yanga yatha", mawu amenewo musaponye, ngakhale wanena yekha, ngakhale wavomera ndi mtima wonse. Iye sangadziwe ngati chamuthandiza ndi katundu wanu kapena mankhwala a kuchipatala amene akumwa, ndipo wina akawerenga akhoza kusiya mankhwala ake. Zonena kuti chinthu chimachiza ndi nkhani ya a bungwe loona za mankhwala la PMRA, si ya pa Status. Tengani zimene kasitomala angachitire umboni ndi maso, mphuno ndi lilime lake: fungo, kakomedwe, kapakidwe, kufika msanga kwa katundu.

Chachisanu ndi chimodzi: sikirinishoti kapena kulemba?

Sikirinishoti anthu amaikhulupirira msanga, koma imanyamula zambiri: dzina pamwamba, chithunzi, nambala, ndi mauthenga ena a m'mbali monga "ndalama yotsala ndikupatsani pa 30". Dulani chithunzicho kuti kutsale uthenga wokhawo. Kupaka ndi cholembera cha pafoni sikudalirika, chifukwa utoto wina umaonekera mkati munthu akakweza kuwala. Ndipo ngati munadula mawu kapena kasitomala anasintha, monga zinachitikira kwa ine, lembani mawuwo pachithunzi kapena m'positi. Musapange uthenga wabodza wooneka ngati wa WhatsApp podzitumizira nokha kuchokera pafoni ya mwana wanu. Uthenga wa mawu musauponye pokhapokha mwini wake atavomera zimenezo mwapadera, poti mawu a munthu amadziwika ngati nkhope.

Musanadine, werengani zonse mokweza n'kudzifunsa mafunso awiri. Kasitomalayu ataiwerenga ali pakati pa anzake, kodi anganene kuti "ine sindinatero"? Nanga mawa kutabwera munthu ndi positi yomweyi m'manja n'kuti "ndichitireni chimodzimodzi", ndingakwanitse pa mtengo ndi masiku amene akuganizawo? Funso lililonse likakukayikitsani, bwererani pa sitepe yodula ija.

Mukaponya

Mutumizireni mwini wake aone mmene yatulukira. Sungani pamodzi zinthu zitatu: uthenga woyamba, mawu amene munamuonetsa, ndi yankho lake lovomera. Ine ndimalembanso tsiku m'buku la maoda, pafupi ndi miyeso yake.

Ya pa Status imafufutika yokha pakatha maola 24, koma ya pa Facebook imakhalapo mpaka mutaichotsa, ndipo ndi imene imadzakutsatani. Kasitomala akadzasintha maganizo n'kuti muichotse, chotsani tsiku lomwelo osafunsa chifukwa. Muichotsenso nokha zinthu zikasintha kumbali yanu. Ngati amene ankasoka masuti anachoka, umboni woyamikira masuti wapita naye. Ngati munasiya kuperekera katundu kunyumba, mawu oti "anandibweretsera mpaka pakhomo ku Area 49" asapitirire kuitana anthu. Ine ndimayang'ana mapositi akale kawiri pachaka, nyengo ya maukwati isanayambe ndiponso kumayambiriro kwa Disembala, ndili ndi buku la maoda pambali.